Theka likapita, lotsalalo liyenera kubereka linzake lathunthu

*Funso:* Zikomo akatswiri. Ndinayamba malonda a folekisi, ogula ndi kugulitsa ndalama zakunja, pa foni ndi madola 800. Zinayenda bwino mpaka akaunti inafika madola 1,000, koma pano atsala 500. Mnzanga akuti popeza ndaluza 50 peresenti, ndikufunika phindu la 100 peresenti kuti ndibwerere pomwe ndinali. Ine sindikumvetsa, chifukwa chomwe chatsika ndi 50 chiyenera kukweranso ndi 50. Ndimatsegula loti ya 0.10 ndipo ndikuganiza zokweza kufika 0.20 kuti ndibweze msanga. Kodi ndikulakwitsa? (Wowerenga wa ku Ndirande)

*Yankho:* Achimwene, mnzanuyo wakuuzani zoona, ndipo ndikupempheni kuti loti ija, yomwe ndi kukula kwa malonda omwe mumatsegula, musaikhudze kaye mpaka mutawerenga yankho ili mpaka kumapeto.

Peresenti siima payokha. Nthawi zonse imakhala gawo la chinachake, ndipo chinachakecho chinasintha tsiku lomwe munaluza. Pamene mumatsika, 50 peresenti imawerengedwa pa madola 1,000, ndiye inali madola 500. Lero mukufuna kukwera, koma 1,000 ija kulibenso. Chomwe chili m'manja mwanu ndi 500, ndipo 50 peresenti ya 500 ndi 250 basi. Mukaipeza mufika 750. Kuti mufike 1,000 pakufunika madola 500 ena, ndipo 500 pamwamba pa 500 ndi 100 peresenti. Tikawerenga m'madola, maganizo anu ndi olondola ndithu: 500 inapita, 500 yomweyo ibwere. Chovuta ndi chakuti amene akukasaka 500 imeneyi ndi mpamba womwe wachepa ndi theka. Munda ndi womwe uja, koma olima atsala theka.

Zaka zingapo zapitazo ndinkaphunzitsa kasungidwe ka mabuku a geni kwa amayi a banki m'khonde, ndipo mayi wina anandionetsa nkhani imeneyi bwino kuposa momwe buku lililonse linandionetsera. Ankakaoda tomato ku Lizulu n'kumagulitsa m'tauni. Mpamba wake unali K200,000, ndipo ulendo uliwonse, akachotsa thiransipoti ndi chiphaso cha mumsika, ankatsala ndi phindu la K40,000, lomwe ndi 20 peresenti. Tsiku lina lole inafera panjira, madengu anagona masiku awiri padzuwa. Pomwe amamasula, tomato wapansi anali atasanduka madzi, akuchucha m'mipata ya nsungwi. Anasankha wolimba, wina anagulitsa motchipa kwa ophika m'ziimirire, ndipo atawerenga ndalama zomwe anamanga pachitenje zinali K100,000.

Luso lake silinasinthe, makasitomala anali omwe aja. Koma 20 peresenti yomwe kale imabweretsa K40,000 tsopano imabweretsa K20,000. Tinakhala pansi ndi kope n'kuwerengera limodzi. Ulendo woyamba afika K120,000, wachiwiri K144,000, wachitatu K172,800, wachinayi K207,360. Tsiku limodzi loipa likufuna maulendo anayi abwino ondondozana, ndipo ngati satapapo ngakhale kwacha imodzi. Apa m'pomwe mayiyo anandidula mawu. Anati, "Nanga ana adya chiyani?" Pakhomo pamafunika K20,000 ulendo uliwonse. Kale imeneyo inali theka la phindu, theka linalo limakulitsa mpamba. Tsopano K20,000 inali phindu lonse. Akanapitiriza kutapa monga kale, mpamba ukanakhazikika pa K100,000 osasuntha, iye n'kumadabwa kuti ndikugulitsa tsiku ndi tsiku koma sindikudzuka. Dzifunseni ngati inunso mumatapa mu akaunti yanuyo mwezi ndi mwezi, chifukwa ngati mumatero, 100 peresenti yomwe mnzanu wanena ndi yochepa.

Masamu ake ndi afupi. Tengani gawo lomwe mwaluza, muligawe ndi gawo lomwe latsala:

```
G = L / (1 - L)
L = 0.50  ->  G = 0.50 / 0.50 = 1.00
```

L ndi zomwe mwaluza, G ndi phindu lofunika kuti mubwerere. Yesani nokha pa kakyuleta ya pa foni, muona kuti dzenje limeneli silikula mofanana. Kuluza 10 peresenti kumafuna 11.1 peresenti, kusiyana kwake munthu sangakuone n'komwe. Kuluza 20 kumafuna 25. Kuluza 30 kumafuna pafupifupi 43. Mpaka apa munthu wodziwa ntchito yake akhoza kutuluka. Koma mukadutsa theka zinthu zimathamanga: 60 imafuna 150, 75 imafuna 300, 90 imafuna 900. Taonani kusiyana kwa munthu amene waluza 10 peresenti yoyamba ndi amene wachoka pa 80 kupita pa 90. Onse ataya ndalama zofanana, madola 100 pa akaunti yomwe inali ya 1,000. Woyambayo ntchito yake ndi ya 11 peresenti. Wachiwiriyo ntchito yake yachoka pa 400 kufika pa 900 peresenti. Ndalama zomaliza n'zodula kwambiri kuposa zoyamba, chifukwa n'zimene zatsala kuti zikagwire ntchito.

Ife Amalawi masamu amenewa tinawaona ndi maso, kungoti ambiri sitinawazindikire. Mu Novembala 2023 Banki Yaikulu inasintha mtengo wa dola kuchoka pa K1,180 kufika pa K1,700, ndipo tonse tinamva kuti kwacha yagwa ndi 44 peresenti. Chomwe chinakwera ndi 44 peresenti ndi mtengo wa dola. Munthu amene anali ndi K1,180,000 ku banki akanagula madola 1,000 kusinthaku kusanachitike, ndipo kutachitika akanagula madola 694 okha. Anataya pafupifupi 31 peresenti. Koma kuti agulenso madola 1,000 amafunika K1,700,000, kutanthauza kuwonjezera 44 peresenti pa ndalama zake. Manambala awiriwa, 31 ndi 44, akunena chinthu chimodzi: ina ikuwerenga kuchokera pamwamba potsika, inayo kuchokera pansi pokwera. Ikani 0.306 m'masamu aja, mupeza 0.44.

Musanapitirire, onetsetsani kuti mukuyeza dzenje lanu molondola, chifukwa apa ambiri amadzinamiza osadziwa. Kutsika kumene ochita malondawa amakamba kumayezedwa kuchokera pomwe akaunti inafika pamwamba penipeni, osati pa ndalama zomwe munaika. Kwa inu pamwamba ndi 1,000, ndiye mwatsika ndi theka. Mukawerengera kuchokera pa 800 yomwe inachoka m'thumba mwanu, mwataya 37.5 peresenti, ndipo mukufunika 60 peresenti kuti mubweze. Manambala onsewa ndi oona, koma amayankha mafunso osiyana. La 37.5 likukuuzani zomwe banja lanu lataya. La 50 likukuuzani kukula kwa chiopsezo cha njira yomwe mumachitira malonda, ndipo limenelo ndi lomwe muyenera kuliopa. Pa MetaTrader 4, pulogalamu yochitira malondawa, lipoti latsatanetsatane la akaunti lili ndi mizere yolembedwa Absolute Drawdown, Maximal Drawdown ndi Relative Drawdown. Woyambawo umayeza kuchokera pa ndalama zoyambira, enawo kuchokera pamwamba.

Chinanso, 500 mwanenayo mwaiwerenga pati? Pa foni yanu pali Balance ndipo pali Equity. Balance imangowerenga malonda omwe mwatseka. Equity imaphatikiza ndi omwe akadali otsegula. Mnyamata wina anandionetsapo foni yake akumwetulira, chala chili pa Balance ya madola 600, koma pansi pake panali mizere isanu ndi umodzi yofiira yomwe anaisiya kwa milungu itatu podikira kuti msika ubwerere. Equity inali 270. Kwa iye anali asanaluze chifukwa anali asanatseke. Kwa buloka, kampani yomwe malonda ake amadutsirako, ndalama zake zinali 270, ndipo pa nambala imeneyo m'pomwe buloka amaonera nthawi yokutsekerani malonda mokakamiza. Ngati 500 yanu ndi Balance ndipo muli ndi zofiira zotsegula, dzenje lanu ndi lakuya kuposa theka.

Tsopano tibwere pa loti, pomwe pali mtima wanga wonse. Simunanene ndalama zomwe mumagula ndi kugulitsa, ndiye nditenga EURUSD, kutanthauza yuro ndi dola, yomwe ambiri amayambira. Pa loti ya 0.10, pipi imodzi, yomwe ndi kagawo kakang'ono koyezera kusuntha kwa mtengo, ndi dola imodzi. Tiyerekeze kuti mumaika Stop Loss, malire omwe malonda amadzitsekera okha akalakwika, pa mapipi 50. Ndiye malonda alionse akalakwika mumataya madola 50. Akaunti ili pa 1,000, imeneyo inali 5 peresenti. Lero akaunti ili pa 500, madola 50 omwewo ndi 10 peresenti. Simunasinthe kanthu pa foni, koma chiopsezo chanu chinawirikiza kale kawiri. Ichi ndi chomwe chimachititsa kuti kugwa kuthamange chakumapeto. Munthu amaona ngati akuchita zomwe wakhala akuchita, pomwe akubetcha gawo lokulirakulira la zomwe zatsala.

Mukakweza kufika 0.20, malonda alionse olakwika adzadya madola 100, gawo limodzi mwa magawo asanu a akaunti yanu. Ndikumvetsa chomwe chikukukokani: kupambana kasanu kokha, mwabwerera pa 1,000. Koma tembenuzani. Mukaluza katatu mondondozana mwatsala ndi 200, ndipo kuchoka pa 200 kufika pa 1,000 ndi 400 peresenti. Mukaluza kasanu, palibe chotsala, ndipo ziro ngakhale mutamuchulukitsa ndi chiyani amakhalabe ziro. Kuluza 100 peresenti kulibe peresenti yobwezera.

Mwina mukuti kuluza kasanu mondondozana n'kosowa. Ayi, si kosowa. Tengani ndalama yachitsulo, muiponye m'mwamba ka 100, muzilemba mbali yomwe yagwera. Mwayi woti mbali imodzi yomwe mwaisankha idzagwe kasanu kapena kuposa mondondozana, penapake m'kati mwa maulendo 100 amenewo, ndi pafupifupi 81 peresenti. Munthu amene amapambana theka la malonda ake ndipo amatsegula malonda angapo pa mlungu adzakumana ndi mndandanda wotere chaka chisanathe. Sizitanthauza kuti walodzedwa kapena kuti njira yake yafa. Ndi momwe manambala amayendera. Chomwe munthu angasankhe ndi kuchuluka kwa ndalama zomwe mndandandawo udzamupeze ataika pachiswe.

Yerekezani anthu awiri omwe onse aluza kasanu ndi kawiri mondondozana. Woyamba amaika 10 peresenti ya zomwe zatsala pa malonda alionse. Akamamaliza watsala ndi pafupifupi 48 peresenti ya mpamba wake, ndiye akufunika kuposa 100 peresenti. Wachiwiri amaika 2 peresenti. Watsala ndi pafupifupi 87 peresenti, akufunika 15 peresenti. Kuti wachiwiriyu atsike kufika pa theka, ayenera kuluza ka 35 mondondozana. Msika ndi umodzi, kulakwitsa n'kofanana, koma wina ali m'chitsime, wina wangopunthwa. N'chifukwa chake ochita malondawa mwaukadaulo amakonda kunena za 1 kapena 2 peresenti. Pa akaunti yanu ya 500, 1 peresenti ndi madola 5. Ndi Stop Loss ya mapipi 50, ndiye kuti pipi imodzi ikhale masenti 10, yomwe ndi loti ya 0.01. Mukalolera 2 peresenti, ndi 0.02. Inu mukuganiza za 0.20, kuwirikiza kakhumi kapena ka 20.

Ndikudziwa kuti nambala imeneyi ikukuwawani, chifukwa ndi loti ya 0.02 kubwerera kutenga nthawi. Tiyeni tiione nthawiyo poyera. Munthu wopeza 5 peresenti mwezi uliwonse, osaphonya, osatapa, amawirikiza ndalama zake m'mwezi wa 15. Wopeza 3 peresenti amafunika miyezi 24. Njira yachidule yoyerekezera ndi kugawa 72 ndi phindu lanu: 72 kugawa ndi 3 ndi 24. Ndipo 5 peresenti mwezi ndi mwezi si phindu laling'ono, ndi loposa lomwe makampani akuluakulu osunga ndalama za anthu amapeza. Mawu oti "osaphonya" nawonso ndi olemera, chifukwa masamu athu aja amaluma ngakhale pa kusinthasintha wamba. Mwezi wopeza 20 peresenti wotsatiridwa ndi mwezi woluza 20 peresenti sakusiyani pomwe munali. Madola 500 amapita pa 600, kenako pa 480. Muyambe ndi kuluza, mupeza 400 kenako 480, chimodzimodzi. Mukabwereza zimenezi kakhumi, gawo limodzi mwa magawo atatu a ndalama zanu lapita, pomwe m'mutu mwanu mukuti ndimapambana ndi kuluza mofanana. Loti yaikulu imakulitsa kusinthasintha kumeneku, ndipo kudontha kwake kumakula mofulumira kuposa lotiyo.

Misika ikuluikulu imaonetsa kutalika kwa ulendowu. Mulingo wa masheya a ku Amereka wotchedwa S&P 500 unali pa 1,565 mu Okutobala 2007, ndipo pofika Malichi 2009 unali pa 677, kutsika ndi pafupifupi 57 peresenti m'miyezi 17. Kuti ubwerere pamafunika 131 peresenti, ndipo zinatheka mu Malichi 2013, patatha zaka zinayi. Ku Japani, mulingo wa Nikkei 225 unafika pafupifupi 38,916 mu Disembala 1989, unatsika mpaka 7,055 mu Malichi 2009, ndipo unadzadutsa pomwe unali mu Febuluwale 2024. Zaka 34. Koma musatonthozedwe ndi mfundo yoti pamapeto pake inabwerera. Milingo imeneyi ndi ya makampani mazana omwe amapanga katundu, amagulitsa, amapeza phindu chaka ndi chaka, ndipo wogula masheya ndi ndalama zake, osati zangongole, akhoza kudikira popanda womuthamangitsa. Akaunti ya folekisi yokhala ndi levereji, yomwe imakulolani kutsegula malonda aakulu kuposa ndalama zanu, ilibe chomwe chimaikankha kuchokera pansi, ndipo buloka sadikira.

Apa ndiyenera kukuuzani chinthu chomwe olangiza ambiri amachidumpha. Kuchepetsa loti pakokha sikubweza ndalama. Kumathandiza munthu yekhayo amene njira yake imapambanadi. Tiyerekeze kuti mukapambana mumapeza ndalama zofanana ndi zomwe mumataya mukaluza, ndipo mukufuna kuchoka pa 500 kufika pa 1,000 akaunti isanathe. Ngati mumapambana malonda 55 mwa 100 alionse, kubetcha madola 100 kukupatsani mwayi wa 73 peresenti wofika, pomwe kubetcha madola 25 kukupatsani 98 peresenti. Apa loti yaing'ono ndi bwenzi lanu, chifukwa imapatsa luso lanu nthawi yoti lioneke. Koma ngati mumapambana 48 mwa 100, zomwe zimachitika mosavuta kwa munthu wongolota pomwe buloka amadulako kake pa malonda alionse, kubetcha 100 kukupatsani mwayi wa 40 peresenti, ndipo kubetcha 25 kukupatsani 17 peresenti yokha. Musamve ngati ndikuti wotereyu akweze loti. Ndikuti wotereyu alibe loti yabwino. Yaikulu imamumaliza msanga, yaing'ono imamumaliza pang'onopang'ono, ndipo chanzeru kwa iye n'kutulutsa 500 yakeyo ikadalipo. Mu 2018 bungwe loyang'anira misika ya ndalama ku Ulaya, ESMA, linanena kuti pakati pa 74 ndi 89 peresenti ya maakaunti a anthu wamba pa malonda a mtundu umenewu amaluza. Palibe amene amalowa akudziyesa mmodzi wa ambiriwo, ndiye musadalire momwe mukumvera mumtima, werengani.

Kuwerengako ndi kotere. Tsegulani mbiri ya akaunti yanu, mutenge kope, mulembe malonda onse kuyambira tsiku lomwe munaika 800. Pa malonda alionse lembani loti, ngati munaika Stop Loss, ndi ndalama zomwe munapeza kapena kutaya. Kenako muone zinthu ziwiri. Choyamba, malonda opambana amabweretsa zingati tikawagawa mofanana, ndipo oluza amachotsa zingati. Ngati mumapambana 6 mwa 10 koma mumatseka mwachangu pa madola 15, pomwe oluza mumawasiya mpaka madola 60, ndiye pa malonda 10 alionse mumapeza 90 n'kutaya 240, ndipo kupambana kwanu kawirikawiri n'komwe kwakhala kukukuphimbani m'maso. Chachiwiri, muone komwe madola 500 aja anathera. Ngati anapita pa malonda atatu kapena anayi omwe munakweza loti kapena kuchotsa Stop Loss mutapsa mtima, vuto ndi kukula kwa kubetcha, ndipo limenelo limakonzeka. Ngati anapita pang'onopang'ono pa malonda 60 kapena 80 a loti yofanana, vuto ndi njira yeniyeniyo, ndipo muyenera kuima. Ngati malonda onse ndi osakwana 30, manambala anu sanganene kanthu, ndipo madola 200 omwe munapeza poyamba akhoza kukhala kuti anali mwayi chabe.

Pali msampha wina womwe ndawaona anthu akugweramo pa nthawi ngati yanu ino. Munthu amakatenga katapila kapena ndalama za fizi, amaika madola 500 ena, akaunti imawerenga 1,000, mtima umakhala pansi. Sanabweze kanthu. Waika 1,300 yonse ndipo ali ndi 1,000, kuphatikiza chiwongoladzanja chomwe chikumudikira kumapeto kwa mwezi. Njira yomwe inadya theka la ndalama zoyamba ikadali yomweyo, ndipo tsopano wapatsidwa tsiku lobwezera ngongole, lomwe lidzamukankha kukweza loti. Ngati mudzawonjezere ndalama, zikhale zanu, zoti zitapita pakhomo nsima idzadyedwabe, ndipo zikhale pambuyo poti kope lija laonetsa kuti njira yanu imapambana.

Nambala ya 1,000 iiwaleni kaye. Msika sudziwa kuti munafikapo pamenepo, ndipo kuithamangitsa n'komwe kukubweretsa maganizo a 0.20. Lembani 500 pamwamba pa tsamba latsopano ngati mpamba wanu, ndipo pansi pake mulembe 400. Imeneyo ndi 20 peresenti, dzenje lomwe limafuna 25 peresenti yokha. Equity ikafika pamenepo mutseke zonse, mwezi wathunthu osatsegula malonda. Ndi loti ya 0.02 ndi Stop Loss ya mapipi 50, pakufunika kuluza kakhumi mondondozana kuti mufike pa 400, pomwe ndi 0.20 mufikapo pa malonda oyamba omwe alakwike.